Mmene Ambulera Inandidyera Dzina

Ine ndine wometa tsitsi. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa panali zaka zitatu zimene ndinkachita nawo manyazi, ngati kuti kumeta ndi nthenda yopatsirana. Bambo anga anali ometa, ndipo manja atayamba kuwanjenjemera anandisiyira kachipinda ka m'mbali mwa msewu. Munali mpando umodzi wozungulira womwe umalira ukautembenuzira kumanzere, galasi long'aluka pakona, benchi ya anthu anayi, ndi makina awiri ometera, ena mwa iwo oluma khosi. Gitala ndinagula ndekha. Inkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo makasitomala akasowa kapena magetsi akathima ndinkaikanda pang'ono kuti tulo tisandigwere.

Nyimbo imene inandisokoneza mutu inabadwa chifukwa cha mantha. Apongozi anga aakazi anabwera kudzationa nthawi ya mvula. Mmawa wina kunja kukugwa chimvula, iwo mwaulemu wawo anandibwereka ambulera yawo yobiriwira, ya chogwirira chamtengo, imene anakhala nayo zaka zambiri kuposa zimene ndinali nditakhala ndi mwana wawo. Ndinaiiwala m'minibasi. Kwa masiku atatu ndinkachoka pakhomo iwo asanadzuke, ndipo madzulo ndinkalowa chozemba ngati mphaka wakuba. Tsiku lachinayi ndili kuntchito ndinatenga gitala n'kuyamba kudandaula ndekha:

Ambulera ya apongozi yapita ndi minibasi,
ndilowera pati ine, nyumba yake khomo n'limodzi.

Pa benchi panali bambo wina wogwira ntchito ku wailesi, akudikira kuti magetsi ayake. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye anandikokera ku situdiyo, ndipo patangotha miyezi iwiri nyimboyo inali paliponse. Makondakitala ankaiimba, ana asukulu ankaiimba, ngakhale apongozi anga omwe, amene mpaka pamenepo anali asanandikhululukire, ankaing'ung'udza akusita zovala.

Pa nyimboyo panalibe dzina langa. Titamaliza kujambula, mwini situdiyo anandifunsa kuti alembepo ndani, ine n'kuyankha kuti, "Lembani chilichonse, ndikuthamangira kasitomala." Analemba mutu wa nyimbo basi. Anthu atafuna kundiitana anasowa pogwira, choncho anagwira chimene chinalipo. Ndinasanduka Ambulera. Pamsika, "A Ambulera!" Kuchipatala, "Lowani a Ambulera." Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akumutchula Kaambulera.

Ine ndinkangomva kukoma.

Kenako kunabwera munthu amene aliyense ankamutcha Mapulani. Anali wa nsapato zosongoka, mafoni awiri, ndi lilime loti likhoza kugulitsa mchenga kwa munthu wokhala kudambo. Anakhala pa mpando wanga osafuna kumetedwa, n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi manijala wanga.

"Mkulu, mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero. "Tsekani kachipinda aka. Munthu wotchuka sagwira mitu ya anthu."

Ndinatseka. Akazanga anangoti, "Kiyi ndipatseni ndisunge ine." Ndinawapatsa mowanyoza mumtima, kuti azimayi saona patali.

Mapulani anandigulira chipewa chachikulu, magalasi akuda ophimba theka la nkhope, ndi ambulera yobiriwira yoti ndizivina nayo. Anatsegula tsamba la pa intaneti m'dzina la Ambulera, mawu achinsinsi olowera n'kusunga yekha. Bandi anati n'kutaya nthawi. Pa nsanja ankangoika nyimbo yojambula kale, ine ndikutsegula pakamwa motsatira, ndikuzunguza ambulera. Ndinkaimba nyimboyo poyamba, pakati, ndi pomaliza. Kuti mpata udzaze ndinkalankhulalankhula za zimene zinandichitikira sabata imeneyo, koma Mapulani ankandikodola ali kumbali kuti ndifupikitse. Zikwangwani aliyense ankalemba mmene wafunira. Kwina ndinali Ambulera, kwina Bambo Ambulela, kwina Mfumu ya Maambulera, ndipo pena chithunzi chinkakhala cha ambulera yokha, ine mulibe.

Chaka choyamba chinali chokoma, sindinama. Ndinanenepa. Ndinayamba kuyankha moni ndi chibwano.

Chaka chachiwiri mafoni a Mapulani anayamba kulira mwa apo ndi apo. Kunatuluka nyimbo ya munthu wina yonena za njinga, ndipo makondakitala anasamukira kumeneko osatsanzika. Mapulani anati mankhwala ake ndi osavuta: anthu anakonda apongozi, tiwapatse apongozi ena. Ndinajambula Jekete ya Apongozi. Siinayende. Ndinajambula Nsapato za Apongozi. Inaulutsidwa kawiri, kamodzi molakwitsa. Ndili pafupi kujambula Chikwama cha Apongozi, apongozi eniakewo anatumiza mawu kudzera mwa mwana wawo, akuti ngati ndatsimikiza zowavula chimodzichimodzi pa wailesi, ndinene kuti adziwiretu pamene ndidzalekezere.

Chimene chinanditsegula maso, kapena ndinene kuti diso limodzi, chinachitika Loweruka lina masana. Kampani ina yogulitsa matayala inali ndi phwando la antchito ake mu holo, ndipo Mapulani ananditumizira uthenga kuti ndikafike cha m'ma 2 koloko. Ndinafika nditavala wamba, chipewa ndi magalasi zili m'chikwama, ambulera nditaipinda m'pepala kuti isade. Mlonda wa pageti anatambasula mkono.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Ndine Ambulera. Ndabwera kudzaimba."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ambulera alowa kale."

"Alowa bwanji pamene ine ndili pano?"

"Ndiye funso lanu limenelo. Tamverani."

Ndinamvetsera. M'holomo munkamveka mawu anga, akudandaula za minibasi. Ndinazungulira mpanda n'kukasuzumira pa zenera la kumbali, nditaponda pa njerwa. Pa nsanja panali munthu wa chipewa ngati changa, magalasi ngati anga, ambulera yobiriwira, akutsegula pakamwa motsatira nyimbo. Anthu ankakuwa, amayi akumukupizira nsalu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankavina bwino kuposa ine. Chiuno chake chinali chofewa. Ine ndikamavina ndimaoneka ngati munthu amene akukankha kabati.

Nditamuimbira foni Mapulani, sanachite n'komwe manyazi. Anati wasokoneza mauthenga, ine ndimayenera kupita ku holo ina. Zinadziwika kuti a Ambulera tinalipo atatu. Tsiku likakhala ndi maphwando ambiri, ankatigawa ngati maminibasi.

"Mkulu, musakwiye," anatero. "Anthu amabwerera ambulera. Amene ali pansi pake alibe naye ntchito."

Ndinamuchotsa ntchito pa foni pomwepo, ndi mawu akuluakulu, mlonda akumva. Mawa lake ndinapeza kuti tsamba lija, limodzi ndi anthu masauzande onse amene ankalitsatira, lasintha dzina. Linali tsopano la mtsikana wina woimba amene Mapulani anali atangomupeza. Ndinalibe nambala ya munthu ngakhale mmodzi mwa amene ankandiitana kukaimba. Onse ankadziwa foni ya Mapulani. Ndinatsala ndi chipewa.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi dzina, choncho ndinayamba kusintha mayina ngati malaya. Poyamba ndinali Mkango wa M'tauni. Ndinavala unyolo m'khosi, n'kujambulitsa chithunzi nditakwinya nkhope pafupi ndi galimoto ya eni. Nyimbo yake inali yoopseza adani anga, ngakhale kuti mdani amene ndinali naye anali mmodzi yekha, ndipo sankayankha foni. Patatha miyezi inayi ndinasanduka Kalonga wa Chikondi, wa suti yoyera ndi duwa m'thumba. Akazanga atamva nyimbo yake anafunsa kuti, "Mawu okoma chonchi mumawasunga kuti mukakhala pakhomo pano?" Kenako ndinayesa nyimbo zauzimu kwa miyezi itatu, mpaka tsiku lina ndikuimba mwaulemu mu holo ya tchalitchi, gogo wina anakweza dzanja n'kupempha kuti ndikamaliza ndiimbeko ya apongozi ija.

Dzina lililonse latsopano linkayambira pansi penipeni. Amene anandimva ngati Mkango sankadziwa kuti Kalonga ndi ine ndemwe, ndipo amene ankandizindikira ankangoti, "Si Ambulera uyu? Wadwala chiyani?" Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi wake ndinali ine, nditavala suti yoyera.

Mmawa wina akazanga anaika kiyi pa tebulo pafupi ndi kapu yanga. Anali akupita kukasesa kachipinda kaja mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse zitatu, ndipo makina anali atawapaka mafuta. Ndinatsegula. Sabata yoyamba ndinkameta nditavala chipewa chotsikira kumaso kuti anthu asandidziwe, koma panalibenso amene ankafuna kundidziwa.

Mwezi wachiwiri kunalowa bambo wina wa imvi, wamfupi, wa makutu otambalala. Ndinawazindikira. Anali a Makutu, amene amabwereketsa zokuzira mawu ndipo amakhala kumbuyo kwa holo akutembenuza timabatani kuti mawu amveke bwino. Anali atagwira ntchito pa maphwando anga ambiri, koma masiku amenewo ine sindinkapereka moni kwa anthu onyamula mawaya.

Anakhala pa mpando, ndinawakulunga nsalu m'khosi. Pometa ndinayamba kuwafotokozera za tsiku la kampani ya matayala lija, mmene ndinaonera ine mwini ndikuvina ndili panja pa zenera. Anthu awiri amene anali pa benchi anaseka mpaka wina anagwetsa foni. A Makutu sanaseke. Ankandiyang'ana pagalasi.

"Achimwene," anatero, "mukudziwa chimene ine ndimaona ndikakhala kumbuyo kuja?"

"Misana ya anthu."

"Eya. Ndipo msana sunama. Nkhope imatha kumwetulira mwaulemu, koma msana ukatopa umatembenukira kukhomo. Inu mukamaimba ambulera kachiwiri, misana inkayamba kugwedera. Kachitatu theka latuluka kukagula zakumwa. Koma mukasiya kuimba n'kuyamba kulongolola zija ankakuletsani Mapulani zija, palibe amene ankasuntha. Ogulitsa zakumwa omwe ankabwera kudzaima pakhomo."

Ndinazimitsa makina. "Ndiye mukuti sindidziwa kuimba?"

"Mawu anu ndi apakatikati. Kuvina tisakambe. Chimene muli nacho n'chakuti mumadziwa kudzivula ulemu pagulu, anthu n'kudziona okha mwa inu. Ambulera ija sinatchuke chifukwa cha ambulera. Inatchuka chifukwa mwamuna aliyense anazembapo apongozi ake. Inu munaona ngati anthu akonda katundu, mukuwapatsa jekete, nsapato. Anakonda munthu wamanthayo. Ndiye munamubisa m'magalasi."

Kunena zoona, ndinakwiya. Ndinawameta mbali imodzi mopitirira pang'ono. Koma mawa lake anabweranso ndi foni, n'kundimvetsera zimene anajambula pa makina awo tsiku lina ndikuimba pa bwalo la mpira. Ndinamva mawu anga ndikufotokoza mmene ndinapatsira moni munthu amene ankabayibitsa wina wa kumbuyo kwanga. Phokoso la kuseka linali lalikulu kuposa m'manja mmene anaomba nyimbo itatha.

Lamlungu lotsatira tinakhala pakhomo panga anthu anayi: ine, akazanga, a Makutu, ndi alamu anga, akulu awo a akazanga, amene amalemba zikwangwani za mashopu. Alamu angawa sanandilemekezepo chikwatirire m'bale wawo, ndipo tsiku limenelo anabwera atanola lilime.

"Alamu," anatero, "ine munthu akabwera kuti ndimulembere shopu yake dzina loti Kwa Sopo, ndimamufunsa kuti, sopo akadzatha mudzatseka? Dzina la shopu limakhala la mwini, katundu azisintha. Inu munadzitcha dzina la katundu. Tsopano tiuzeni, ndinu ndani mukavula zonsezi?"

Ndinayamba kutchula mayina amene ndinali nditakonza: Namondwe, Mphezi, Chiphaliwali.

"Mudakali kumvula komweko?" anatero akazanga. "Inu ndinu wometa. Nkhani zanu zonse mumazitola pa mpando paja. Mukuvutikiranji?"

Ndinakana kwa sabata ziwiri. Dzina loti Wometa linkandimvekera ngati munthu wagonja. Komanso ndinali ndi funso limene ndinkaliona ngati lanzeru. A Makutu ankafuna kuti ndizikwera pa nsanja nditavala jasi yanga yoyera yometera, ndi mpando pakati. Ndinati, nanga si ambulera ina imeneyi? Mawa wina adzagula jasi ndi mpando, ine n'kukhalanso pa zenera.

"Agule," anatero a Makutu. "Jasi ndi yongothandiza kuti munthu akuzindikireni ali patali. Ambulera inkabisa nkhope, ndipo nyimbo inkaimbidwa ndi makina, ndiye aliyense akanatha. Apa nkhope ili poyera, mukuimba ndi pakamwa panu, nkhani mukuipeka pomwepo malinga ndi amene wakhala kutsogolo. Wakubayo akabe zimenezo tione."

Ntchito imene inatsatira inali yosakoma, ndipo palibe mbali yake imene ingalowe m'nyimbo. Tinapeza anthu atatu: wa ng'oma, wa gitala ya besi, ndi mayi wina wa kiyibodi amene amaphunzitsa ana nyimbo pa sukulu ina. Tinkayeserera Lachiwiri ndi Lachinayi mmawa m'galaja ya a Makutu, pakati pa mawaya ndi zokuzira mawu zakufa. Mayi wa kiyibodi anandiuza tsiku loyamba kuti ndimathamanga ndikafika pa kolasi ngati ndikuthawa galu, ndipo anandibwereza mzere umodzi mpaka ndinayamba kuulota.

Nyimbo zinachokera pa mpando. Ina inali ya bambo amene amabweza mimba mkati akamadutsa pa gulu la amayi. Ina ya munthu amene ananamizira kudziwa njira, n'kuyendetsa banja lonse la mkazi wake maola awiri. Ina ya dazi, mmene limayambira ngati mphekesera. Zonse ndinkaziimba ngati zachitikira ine, ndipo zambiri zinalidi choncho. Nditabweretsa nyimbo yachikondi imene inatsala nthawi ya Kalonga, onse anaikana. Inali yabwino ndithu, koma a Makutu anati munthu akagula tikiti ya Wometa akudziwa chimene akukagula, tisamusinthire katundu m'thumba. Sitinatulutse zonse pamodzi. Tinkatulutsa imodzi, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu, kuti dzina lizimveka chaka chonse.

Alamu anajambula chithunzi chimodzi, ine nditaima kumbuyo kwa mpando ndi chipeso m'thumba, nkhope yonse ikuoneka, dazi lomwe. Analamula kuti chikwangwani chilichonse chizikhala ndi chithunzi chomwecho, zilembo zomwezo, ndi mtundu womwewo wofiira. Pansi pa dzina analemba kuti "uja wa Ambulera ya Apongozi", chifukwa anati n'kupusa kutaya mlatho usanawoloke. Koma chikwangwani chilichonse chatsopano ankachepetsa zilembo za mzere umenewo pang'ono, mpaka patatha chaka ndi theka anaufufutiratu, ndipo palibe amene anafunsa.

Akazanga anatenga foni. Tsamba latsopano analitsegula okha, mawu achinsinsi akudziwa iwo ndi ine, ngakhale ine ndinawaiwala sabata yomweyo. Pa khomo la holo iliyonse ankaika kope kuti amene akufuna kumva za phwando lotsatira alembe nambala yake. Anandiperekeza ku bungwe loona za umwini wa nyimbo kukalembetsa nyimbo zonse m'dzina langa lenileni pamodzi ndi la pa nsanja, ya ambulera yomwe. Ku situdiyo anakana kuchoka mpaka mwini wake atalemba papepala kuti zojambulazo ndi zathu ndipo watipatsa makope ake. Ine pa zonsezi ntchito yanga inali kugwedeza mutu ngati ndikumva.

Phwando loyamba la Wometa linali masana mu holo ya sukulu. Kunabwera anthu osakwana makumi atatu, ambiri mwa iwo makasitomala anga ndi akazi awo. Wa ng'oma anati tikanatha kuchitira m'kachipinda kometera momwemo. Koma anakhala mpaka pomaliza, ndipo mwezi wotsatira aliyense anabwera ndi mnzake.

Mayeso enieni anafika patatha chaka. Anthu okonza chionetsero chachikulu cha zamalonda pa bwalo la mpira anaimbira foni akazanga. Ankafuna Ambulera, ndi chipewa ndi magalasi, mphindi khumi, nyimbo imodzi. Malipiro ake anali oti ine nditamva ndinayamba kufunafuna chipewa chija pansi pa bedi. Akazanga anawayankha kuti Ambulera kulibe, alipo Wometa, amabwera ndi bandi, amafuna mphindi makumi anayi, ndipo pa chikwangwani palembedwe dzina limenelo. Anthuwo anadula foni. Sindinawalankhule akazanga masiku awiri. Ndinkadya ndithu, koma mokwiya.

Tsiku lachisanu anaimbanso. Woimba wina anali atawakhumudwitsa, ndipo anavomera zonse, kupatula kuti anatiika 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene amaika anthu osafunika.

Titakwera pa nsanja, anthu anali omwazikana, ena ali pa mithunzi ya matenti. Ndisanayambe n'komwe, bambo wina wamtali, wa tsitsi lanyankhalala, amene anali ataima kutsogolo, anakuwa:

"Ambuleraaa! Imba ambulera tizipita!"

Ena anamuthandiza. Tinali titapangana kuti nyimboyo ibwera yachisanu ndi chimodzi, chifukwa ukaipereka poyamba anthu alandira chimene anabwerera ndipo amanyamuka. Koma pamenepo mtima unkandiuza kuti ingoimba, m'bale, upulumuke. Ndinayang'ana kumbuyo kwa bwalo. A Makutu anali pa makina awo atapinda manja, akuyang'ana kumwamba ngati sakundidziwa.

Ndiye ndinachita chimene ndimachita kasitomala wovuta akalowa.

"Achimwene," ndinatero pa maikolofoni, "ambulera ikubwera, musadandaule. Koma ndi tsitsi limenelo, inu ambulera mukuifuniranji? Mvula ikagwa lero ifika pa khungu Lachitatu. Takwerani kuno."

Anthu anaseka. Anzake anamukankha, ndipo anakwera akudzikoka. Ndinamukhazika pa mpando, n'kumukulunga nsalu. Ndinamufunsa ntchito yake, anati amayendetsa lole. Ndinamufunsa ngati anasocherapo ali ndi anthu m'galimoto. Anati ayi. Mayi wina pansi anakuwa kuti, "Akunama! Ndine mkazi wake!" Bwalo lonse linaphulika. Wa besi anayamba yekha nyimbo ya wosadziwa njira ija, ine ndikuimba uku ndikupesa mutu wa dalaivala, amene pofika pa kolasi yachiwiri anali akuimba nawo ataphimba nkhope.

Anthu anachoka m'matenti. Ambulera itafika nthawi yake tinaiimba kamodzi, mwachidule, anthu anavina, koma sitinathere pamenepo. Tinatsekera ndi ya dazi, ndipo ndinaona amuna akuluakulu akuvula zipewa kuonetsana. Tikutsika, dalaivala uja anafunsa kumene kuli shopu yanga. Anabweradi Lolemba. Tsitsi lake linathyola mano awiri a chipeso.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndinadzakhala munthu wamkulu. Nyimbo yanga ina iliyonse sinafikepo pamene inafika yoyamba ija, ndipo ndinasiya kuyembekeza. Ndimameta kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kupatula mmawa wa masiku oyeserera, ndipo ndimaimba Loweruka kawiri kapena katatu pa mwezi, m'maholo a anthu mazana awiri kapena atatu. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tikuchita zimenezi. Bandi ndi yomweyo, kupatula wa ng'oma amene anasamuka, n'kubwera wina wodya kwambiri.

Chaka chatha ndinatulutsa nyimbo ya munthu amene amaopa jakisoni. Ine ndinkaiona ngati yabwino kuposa zonse. Inagwa ngati thumba la simenti. A wailesi anaiulutsa sabata imodzi n'kuiiwala, ndipo pa tsamba lathu anthu analemba zinthu zimene akazanga anakana kundiwerengera. Loweruka lotsatira ndinapita ku holo ndikudziwa kuti tikaimbira mipando. Ndinasuzumira kuseri kwa katani. Munali modzaza, ena ataima kukhoma.

Nditatuluka panja kukapuma tisanayambe, mayi wina wachikulire amene anali pa mzere wa matikiti anandigwira jasi.

"A Wometa, mwana wanga, nyimbo yatsopano ija ndaimva."

"Zikomo amayi. Mwaiona bwanji?"

"Ndi yoipa."

"Pepani."

"Musapepese, mudzapeka ina. Ife tabwera kudzamva kuti mwezi uno chakuchitikirani n'chiyani. Koma lero musaiimbe, ndabwera ndi alendo."

Ndinalowa kukauza anzanga kuti ya jakisoni tiichotse pa ndandanda. Mayi wa kiyibodi anandionetsa pepala lake. Anali ataikhwatcha kale kuyambira Lachinayi.